Mawu Atatu Amene Ndinasula Pakhonde

Ndinabadwira kumudzi kwa amayi, m'mbali mwa nyanja kufupi ndi Nkopola. Amayi anali Mnyanja, bambo Myao wa kumapiri. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi, choncho chimene ndinayamwa ndi Chinyanja. Chiyao ndinachitola pambuyo, kumadrasa, kujando ndi pamsika. Sukulu ndinalekera sitandade sikisi. Ndinagwira ntchito yoyendetsa boti pa hotela ina mpaka maso atayamba kufooka. Zaka zonsezo anthu ankandidziwa kuti ndine wa pakamwa pawiri. Nesi wochokera ku Dedza akalephera kumvana ndi wodwala, ankatumiza uthenga kwa ine. Mlangizi wa zaulimi akabwera ndi msonkhano wake, womasulira ndinali ine. Mawu akuti "sindikudziwa" sanatulukepo m'kamwa mwanga pagulu.

N'chifukwa chake mayi wina wofufuza za zilankhulo atafika, anthu anamulozera kwa ine. Anali wophunzira pa sukulu ya ukachenjede, Mchewa wa ku Ntchisi, wa msinkhu wa mwana wanga wachitatu. Anafika pa kabaza, chikwama chili pamiyendo. Anagwada, napereka moni wa Chiyao woloweza. Anati akulemba buku loti akapatsidwe nalo digiri yachiwiri. Nkhani yake inali iyi: Chiyao ndi Chichewa zili ndi mawu ambiri ofanana. Iye ankafuna kusiyanitsa mawu amene zilankhulo ziwirizi zinalandira kwa kholo limodzi kalekale, ndi mawu amene china chinangobwereka kwa chinzake anthu atayamba kukhalira limodzi kunyanja kuno.

Ndinati, "Mwafika pamalo pake."

Tinkakhala pakhonde m'mawa uliwonse kupatula Lachisanu. Iye ankatchula mawu m'Chichewa, ine n'kumuuza m'Chiyao. Ankajambula ndi foni, kenako n'kulemba mawu awiriwo pa kakadi. Inali nyengo ya mwera, ndiye makadiwo ankawatsindika ndi miyala. Mkazi wanga ankakhala chapatali, akusenda chinangwa kapena kupeta. Iye ndi Myao weniweni wa kumapiri a ku Namwera, ndipo sukulu sanapondeko. Tsiku loyamba lomwe ndinamuuza kuti zimenezi ndi za anthu owerenga, asalowererepo. Anangovomera m'Chiyao, "Elo, bambo."

Sabata yachiwiri ndinaona kuti miyala ija yakhala itatu, uliwonse ndi mulu wake. Ndinafunsa.

Anatenga mulu woyamba. "Agogo, taonani. Munthu, mundu. Nkhuku, nguku. Nkhondo, ngondo. Mphepo, mbepo. Pamene Mchewa akupumira mpweya, Myao akufewetsa, ndipo sizikuphonya. Nayi ina. Mbuzi, mbusi. Mwezi, mwesi. Nayinso: mafuta, mauta. Kufika, kuika. Kufa, kuwa. Mvula, ula. Pamene ife tili ndi f kapena v, kwa inu palibe chilichonse."

Zimenezi ndinkazidziwa ndi lilime, koma ndinali ndisanazionepo zitandandalikidwa.

Anafotokoza kuti chilankhulo chikamasintha katchulidwe, sichisankha mawu. Chimagwira onse amene alipo nthawi imeneyo, ngati dzombe m'munda. Ndiye mawu amene analipo kuyambira kale amakhala ndi chipsera chomwecho. Umenewo unali mulu wa cholowa. Koma kusinthako kumatha. Mawu obwera pambuyo pake sakhala ndi chipsera.

Anatenga kadi pa mulu wachiwiri. Panali mawu amene ndinamupatsa dzulo lake. Anandifunsa "ufulu", ine ndinati ife timati ufulu, koma achikulire ankati upulu.

"Awa akanakhala a cholowa, f akanagwa ngati mu mauta. Koma sanagwe. Achinyamata akumutchula momwe alili, achikulire anaikapo p chifukwa ndiye anali pafupi ndi lilime lawo. Ndiye kuti mawuwa analowa m'Chiyao mochedwa. Ngobwereka."

Mulu wachitatu unali wa mawu monga moto, mtima, kuseka, kugona. Ndi amodzimodzi mbali zonse ziwiri chifukwa mulibe malo amene kusintha kuja kukanagwira. Amenewo anati katchulidwe pakokha sikanena kanthu. Ankayenera kukawafufuza m'zilankhulo za kutali.

Mulu wachitatuwo sunandikhudze. Wachiwiri unandipweteka. Unali wautali, ndipo mawu onsewo anatuluka m'kamwa mwanga.

Ndinati, "Ndiye mukuti Ayao ufulu tinachita kupempha kwa Achewa?"

"Sindikunena za ufuluwo, agogo. Ndikunena za mawu."

"Wobwereka ndi wosauka."

Anaseka. "Nanga ife? Dziko lonse likuti achimwene, achemwali. Zikuoneka kuti tinatenga kwa inu. Che ameneyo kwa inu amakhala pa dzina la munthu aliyense wolemekezeka. Kwathu ku Ntchisi sitimuika pa mayina. Mawu akamamasulika bwino mbali imodzi, kawirikawiri kwawo n'komweko."

Zinandikomera pang'ono, koma mulu uja sunafupike.

Kulakwa kwanga kunayamba Lolemba lotsatira. Tinali titamaliza mawu a thupi, a m'nyumba ndi a m'munda, tili pa zinyama ndi zakumwamba. Anati, "Fulu." Ndinatsegula pakamwa, osapezamo kanthu. Fulu ndinamuona kambirimbiri ndili mwana, koma kumudzi kwa amayi, ndipo ndinkamudziwa m'Chinyanja chokha. Foni inali ikujambula. Mkazi wanga anali pomwepo. Ndinayang'ana mwala wa mulu woyamba. Mafuta, mauta. Lilime linachita lokha.

"Ulu," ndinatero.

Analemba. Anandiuza ndibwereze kawiri. Ndinabwereza. Kadiyo inapita pansi pa mwala woyamba.

Chinthu chikatheka kamodzi, kachiwiri sichivuta. Anati "mphezi", ine "mbesi". Anati "nkhanu", ine "nganu". Anati "mfuko", kanyama kofukula pansi kaja, ine "uko". Sindinachite kuganiza nthawi yaitali. Munthu wa pakamwa pawiri amadziwa njira yochokera kuno kupita uko. Mawu alionse a Chichewa ndikhoza kuwaveka mkanjo ndi kofiya, n'kutuluka ngati Myao wopita kumzikiti pa Ijumaa. Ndinadziuza kuti si bodza kwenikweni: ngati Ayao satero, ndiye anayenera kumatero.

Mayiyo atapita, mkazi wanga anabwera kudzachotsa makapu a tiyi.

"Bambo, ulu ameneyu amadya chiyani?"

"Ndinati usalowerere."

"Sindikulowerera. Ndangofuna ndimudziwe, mwina ndingakumane naye kumunda osamupatsa moni."

Ndinatembenukira kunyanja, koma iye anapitiriza.

"Zaka zonsezi ndimati ndinakwatiwa ndi woyendetsa boti. Kani ndi mmisiri wosula."

Ndinamuuza kuti tiyi anali wozizira.

Tsiku lina mayiyo anachotsa yekha kadi pa mulu woyamba. Inali ya nsapato ndi sapato. Ndinamufunsa chifukwa, popeza ikuyenda chimodzimodzi ndi nsomba ndi somba.

"Ikuyenda bwino, koma ndi mlendo. Sapato ndi mawu a Apwitikizi. Nayinso ina, mzikiti ndi msikiti. Ikuoneka ngati mbuzi ndi mbusi, koma inabwera ndi Aswahili. Kutsata lamulo si umboni wokwanira, agogo. Kumangondipatsa chilolezo chofufuza. Ndiyenera kuona ngati chinthucho n'chakale, ndiponso ngati mawuwo akupezeka kwa abale a Chiyao amene sanakhalepo pafupi ndi Achewa. Amakonde amati mahuta. Amenewo sakanabwereka mafuta ku Ntchisi."

Ndinaganiza kuti akakafufuza, andigwira. Anapita kusukulu kwake milungu itatu. Ine ndinakonzeka zoti akabwera ndidzanena kuti mwina anamva molakwika.

Anabwera akumwetulira, atanyamula shuga ndi nsalu ya mkazi wanga.

"Agogo, mwandipatsa chuma."

Anali atafufuza m'mabuku akale a mawu a Chiyao olembedwa ndi amishoni, ndiponso m'mindandanda ya ku Mozambiki ndi ku Tanzania. Mawu akuti uko, a mfuko aja, anawapezamo. Koma ulu, mbesi ndi nganu sanawapeze paliponse. Mabukuwo anali ndi mawu ena osafanana n'komwe ndi Chichewa. Iye sanaganize kuti nkhalamba ya ndevu zoyera, yopita kumzikiti kasanu pa tsiku, ingapeke. Anaganiza motere: mawu atatuwa akutsata malamulo onse. Akanakhala obwereka posachedwa, tikanamva fulu kapena pulu, monga zinachitikira ndi ufulu. Fulu, mphezi ndi nkhanu si zinthu zobwera ndi sitima ngati nsapato. Ndiye kuti Chiyao cha kunyanja kuno chinasunga mawu akale amene Ayao ena onse anataya. Ananena kuti umenewu ukhala mutu waukulu wa buku lake. Anali atalemba kale masamba ambiri. Kumapeto kwa mwezi ankayenera kukaima pamaso pa aphunzitsi ake n'kuteteza mfundoyo.

"Aphunzitsi anga akukayikira. Akuti mawu atatu a munthu mmodzi si maziko, ndipeze wachiwiri. Nthawi yandithera, koma ndawauza kuti agogo amenewa ndi odalirika, mudzi wonse umawadziwa."

Mkazi wanga ankapinda nsalu ija, n'kuipindula, n'kuipindanso.

Masiku awiri sindinaulule. Ndinkawerengera chonchi. Ndikakhala chete, mwina apambana, ndipo m'buku mulembedwa kuti Chiyao cha kwathu n'chakale kuposa cha kumapiri. Zimenezo ndinkazifuna. Koma mwina pakati pa aphunzitsiwo pakhala Myao wa ku Machinga, amene adzangofunsa kuti ulu n'chiyani. Ndiye mwana wa eni adzaima pamenepo yekha, ine ndili pakhonde panga. Ndipo ngakhale apambane, mawu atatu abodza adzalowa m'buku, wina adzawakopera m'buku lina, ndipo sadzatulukamonso.

Mkazi wanga sanandikakamize. Anangonena kamodzi, akutsuka mbale: "Mwanayo amagwada akamakupatsani moni."

Lachinayi anabwera kuti ajambulenso mawu atatuwo bwinobwino, aliwonse m'chiganizo chake. Anayatsa foni.

"Agogo, tiyambe ndi ulu. Munene kuti, ndaona ulu kumunda."

Ndinati, "Zimitsani kaye."

Anazimitsa.

"Ayi, yatsani. Zimenezi zijambulidwe."

Ndinaitana mkazi wanga. Ndinamuuza akhale pa mkeka pafupi ndi foni. Ndinamufunsa m'Chiyao dzina la kanyama koyenda ndi nyumba yake kumsana.

"Ngongo," anatero.

"Chowala kumwamba mvula ikamabwera?"

"Njasi."

"Cha m'madzi choyenda cham'mbali, chokhala ndi zopanira?"

"Ngala. Koma bambo, mwayiwala kufunsa za ulu."

Mayiyo ankayang'ana ine, n'kuyang'ana mkazi wanga. Anati mwina kumapiri amatero, kunyanja kuno n'kosiyana. Ankandipatsa khomo lothawira. Sindinalowemo.

"Kunyanja kuno kulibe ulu. Kulibe mbesi, kulibe nganu. Mawu amenewo ndinasula ine, pampando uno, kuchokera ku Chichewa chimene munkandipatsa. Enieniwo sindinkawadziwa."

Anaika cholembera pansi. Kenako anafunsa, mawu ali pansi, "Chifukwa chiyani, agogo?"

"Mulu wa obwereka unatalika."

"Mukanangonena kuti simukudziwa."

"Sindinanenepo zimenezo."

Sanalire pamaso panga. Anachotsa mwala woyamba, n'kuyamba kuwerenga makadi onse a mulu wa cholowa. Anali ambiri. Kenako ananena chimene ndinali ndisanachiganizire.

"Si atatu okha amene awonongeka. Ngati mungathe kusula mawu otsata lamulo, ndiye kadi iliyonse pano imene ndinamva kwa inu nokha ndiyenera kuiyesanso. Ndingadziwe bwanji ena?"

"Enawo ngoona."

"Ndi zimene munandiuzanso za ulu."

Palibe munthu wa msinkhu umenewo anandiyankhapo choncho.

Ananyamula makadi ake napita osamwa tiyi. Kumapeto kwa mwezi sanakaime pamaso pa aphunzitsi. Anapempha kuti amusunthire, ndipo anzake anamaliza iye akadali m'mbuyo ndi theka la chaka. Zimenezo ndinazichititsa ine.

Ndinkaganiza kuti sabweranso. Anabwera mvula itayamba. Moni anapereka, kugwadanso anagwada, koma mpando wake anauika moyang'ana mkeka wa mkazi wanga. Ananena kuti nayenso analakwa. Anadalira munthu mmodzi. Ndiponso ankafunsa m'Chichewa, ndiye ankandiikira yekha chitsulo pamoto. Tsopano anasintha. Anabwera ndi zithunzi, ndipo zina ankaloza ndi chala: denga, mpini, chigongono. Mawu a Chichewa sankawatchula mpaka yankho litatuluka. Anapezanso nkhalamba zina ziwiri, wina wa ku Makokola, wina wa tsidya la mtsinje, ndipo ankawafunsa aliyense payekha. Mawu sankalowa pansi pa mwala woyamba asanamveke pakamwa pawiri posiyana.

Mkazi wanga anasanduka mphunzitsi. Ankavala nsalu ija m'mawa uliwonse.

"Bambo, zimenezi ndi za anthu odziwa. Musalowererepo."

Mayiyo anamufunsa za ufulu. Mkazi wanga anati mawuwo anayamba kuwamva ali mtsikana, pa misonkhano ya ndale ndi pa wailesi. Agogo ake akafuna kunena munthu amene si kapolo ankati mlukosyo, kutanthauza wa mtundu wake, wokhala ndi abale omuimira. Mayiyo analemba mofulumira. Mawu akale analipo, atsopano anangowakhalira pamwamba. Kadi ya upulu inatsala pa mulu wachiwiri, ndipo sindinatsutsenso.

Ine ntchito yanga inakhala yofuna zinthu zimene zinalibe zithunzi. Ndinabweretsa mono, chingwe cha khoka, nkhanu yamoyo m'chitini. Nthawi zina mayiyo ankanditembenukira n'kufunsa ngati kunyanja timatero. Tsiku lina anafunsa za mbalame ina ya m'bango. Ndinati, "Sindikudziwa." Mkazi wanga anaomba m'manja, nati mvula igwa ya matalala.

Makadi anga ambiri anapulumuka. Mundu, nguku, mauta, zonsezo zinali zoona. Ena anayi kapena asanu anasamukira ku mulu wa obwereka, osati chifukwa ndinawapeka, koma chifukwa anthu a kuno anawatembenuza kale momwe ndinachitira ine, ndipo akumapiri sawadziwa. Zimenezi zinamuchititsa chidwi mayiyo. Anati kumene anthu akhala ndi zilankhulo ziwiri kwa mibadwo, wobwereka amatha kubisa mapazi ake. Mawu osatsata lamulo amadziulula okha. Ovuta ndi amene avekedwa bwino. Pamapeto pake analemba mutu wina pa nkhani imeneyi, waufupi kuposa umene unagwa uja. Anandipempha chilolezo choikamo mawu anga atatu ngati chitsanzo, popanda dzina langa. Ndinavomera. Ndinamuuza alembe kuti wosulayo anaulula yekha. Anati alemba.

Panatsala kadi imodzi, ya uko. Anaigwira m'manja tsiku lomaliza.

"Agogo, awa ali m'mabuku akale, amayi akuwadziwa, a ku Makokola akuwadziwanso. Ngoona. Koma ndiuzeni. Tsiku lija munawakumbukira, kapena munawasula?"

Ndinaganiza. Bambo anga ankatchera kanyamako m'munda wa mbatata, ndipo n'kutheka kuti ndinawamva akutchula ndili wamng'ono. N'kuthekanso kuti ndinangochotsa chiyambi cha mfuko monga ndinachitira ndi fulu, lamulo n'kundifikitsa pamene makolo anafika kale. M'kamwa zonse ziwiri zimamveka chimodzimodzi.

Ndinati, "Sindikudziwa."

Anafufuta chizindikiro cha dzina langa pakona ya kadiyo, n'kulembapo cha mkazi wanga. Kenako anaiika pansi pa mwala woyamba.

Digiri anapatsidwa chaka chotsatira. Anatitumizira chithunzi atavala mkanjo wakuda, ndipo mkazi wanga anachipachika pabalaza. Miyala itatu ija ikadali pakhonde. Umodzi timatsekera chitseko mwera ukamaomba.